Kodi x^5 - x - 1 imaphwanyika pa Q? Zokambirana za modyulo ndi lamulo la Eisenstein

Amayi Zulu, Chipata

Moni nonse aphunzitsi anzanga. Pa maphunziro a masamu amene ndikuchita ndili kunyumba atipatsa funso loti titsimikizire kuti polinomiyo `f(x) = x^5 - x - 1` siphwanyika pa Q, ndiko kuti singalembedwe ngati mapolinomiyo awiri a digiri yocheperapo ochulukitsidwa pamodzi, okhala ndi makoefishenti a manambala athunthu kapena a mafulakishoni. Ndinayamba ndi lamulo la Eisenstein, koma silinandithandize, chifukwa limafuna pulaimu yogawa nambala yakumapeto yopanda x, ndipo kuno nambalayo ndi -1, imene palibe pulaimu ingaigawe. Kenaka ndinatenga modyulo 2, ndiko kuti ndinasintha koefishenti iliyonse ndi chotsala chake pogawa ndi 2, polinomiyoyo inasanduka `x^5 + x + 1`, ndipo nditaika 0 ndi 1 m'malo mwa x yankho linali 1 konsekonse. Kodi kusowa kwa muzu kumeneku n'kokwanira kuti ndilembe kuti funso latha?

aMbewe, Katete

Amayi, ine ndikuona kuti mwamaliza kale. Lamulo lake ndi loti polinomiyo ikakhala yosaphwanyika modyulo pulaimu ina, ndiye kuti pa Q siphwanyikanso. Mungathenso kutsimikiza mwachindunji: popeza koefishenti yotsogolera ndi 1 ndipo nambala yakumapeto ndi -1, muzu uliwonse wa mu Q uyenera kukhala 1 kapena -1, koma `f(1) = -1` ndiponso `f(-1) = -1`. Palibe muzu modyulo 2, palibenso muzu mu Q, choncho njira ziwiri zagwirizana.

aSakala, Petauke

Pepani akuluakulu, ine ndikuona ngati funsoli lili ndi vuto. Mukaika 1 mupeza -1, mukaika 2 mupeza 29, ndiye kuti pakati pa 1 ndi 2 girafu iyenera kudutsa pa 0. Pa kakyuleta muzuwo ukutuluka pafupi ndi 1.167. Ana a Giredi 12 timawaphunzitsa kuti muzu ukapezeka fakitala yapezekanso, nanga tinena bwanji kuti polinomiyoyi siphwanyika?

aPhiri, Chipata

Ndiyambe ndi aSakala. Muzu umene mwaupeza ulipodi, ndipo pa manambala onse a pa mzere wa manambala polinomiyoyi imaphwanyika. Koma funso lanena kuti pa Q, ndipo muzuwo si fulakishoni. Izi aMbewe azionetsa kale, pakuti mu Q mizu ingakhale 1 kapena -1 basi. Mawu oti "pa Q" ndiwo mutu wa funso lonse: `x^2 - 2` nayonso imadutsa pa 0 pa girafu, komabe pa Q siphwanyika.

Tsopano kwa Amayi Zulu ndi aMbewe. Lamulo limene aMbewe atchula ndi loona, koma silinagwire ntchito panobe, chifukwa kusowa muzu ndi kusaphwanyika ndi zinthu ziwiri zosiyana. Muzu umangotiuza za fakitala ya digiri 1. Polinomiyo ya digiri 2 kapena 3 ikaphwanyika, chidutswa chimodzi chimayenera kukhala cha digiri 1, ndipo n'chifukwa chake pa madigiri amenewo kufufuza mizu kumakwanira. Ya digiri 5 ingathe kuphwanyika m'zidutswa za digiri 2 ndi 3 popanda muzu ngakhale umodzi, ndipo izi n'zimene zikuchitika kuno modyulo 2:

```
(x^2 + x + 1)(x^3 + x^2 + 1)
= x^5 + 2x^4 + 2x^3 + 2x^2 + x + 1
= x^5 + x + 1   (mod 2)
```

Choncho modyulo 2 polinomiyo yanu imaphwanyika, ndipo mukadalemba kuti siphwanyika, wochonga akadakuchotserani malikisi pa mzere umenewo.

aNyirenda, Lundazi

Ngati ndi choncho, aPhiri, kodi sindiye kuti amene anakonza funsoli analakwitsa? Ine ndimamva kuti modyulo ndi njira yoyesera polinomiyo pa manambala ochepa, ndipo zimene zaoneka kumeneko ndi zimene zili pa Q. Yaphwanyika modyulo 2, ndiye tingoyenera kufufuza zidutswa za digiri 2 ndi 3 za manambala athunthu zofanana ndi zimene mwalembazo.

aPhiri, Chipata

Ayi aNyirenda, ndipo apa ndipamene ndikufuna kuti tiimepo pang'ono, chifukwa ophunzira ambiri amagwera pamenepa. Njira ya modyulo imayenda mbali imodzi yokha. Ngati `f = g*h` pa manambala athunthu, mukasintha koefishenti iliyonse ndi chotsala chake pogawa ndi p, kuchulukitsako kumakhalabe koona, kotero f imaphwanyikanso modyulo p. Ndiye kuti kuphwanyika kumatsika kuchoka pa manambala athunthu kupita ku modyulo. Palibe chimene chimakakamiza kuti kukwere kubwerera kumtunda. Mukapeza pulaimu imodzi imene f siphwanyika, mwapambana. Mukapeza kuti yaphwanyika, simunaphunzire kuti pa Q imaphwanyika, mwangophunzira kuti pulaimu imeneyo singakhale mboni yanu.

Funso la Amayi Zulu lili ndi chitsanzo chokongola cha zimenezi. Tengani `x^5 + x + 1`, osati modyulo 2 koma monga ilili pa manambala athunthu. Iyi imaphwanyikadi:

```
x^5 + x + 1 = (x^2 + x + 1)(x^3 - x^2 + 1)
```

Chulukitsani nokha muone mmene `x^4`, `x^3` ndi `x^2` zikufafanizirana. Tsono modyulo 2, -1 ndi 1 ndi nambala imodzi, choncho `x^5 + x + 1` ndi `x^5 - x - 1` zimaoneka chimodzimodzi ndendende. Ina imaphwanyika pa Q, inayo tikufuna kutsimikizira kuti siphwanyika, koma pulaimu 2 singazisiyanitse. Onaninso kuti `x^5 + x + 1` ilibe muzu mu Q, pakuti pa 1 imapereka 3 ndipo pa -1 imapereka -1, komabe yaphwanyika, ndipo ili ndi yankho la zimene aMbewe ananena za njira ziwiri zogwirizana.

Komabe ntchito ya modyulo 2 sinapite pachabe. Zidutswa ziwiri zija, `x^2 + x + 1` ndi `x^3 + x^2 + 1`, zilibe muzu modyulo 2, ndiye kuti siziphwanyikanso. Choncho ngati f ingaphwanyike pa Q, iyenera kutero m'madigiri 2 ndi 3 basi. Amayi, yesani modyulo 3, ndipo muyambe mwalemba mapolinomiyo onse a digiri 2 osaphwanyika kumeneko.

Amayi Zulu, Chipata

Zikomo abambo, ndayesa ndipo ndikulemba zonse kuti muone ngati ndayenda bwino. Modyulo 3 manambala ndi 0, 1 ndi 2. Ndapeza `f(0) = -1`, `f(1) = -1` ndi `f(2) = 29`, ndipo atatu onsewa chotsala chawo pogawa ndi 3 ndi 2, kotero muzu palibe.

Mapolinomiyo a mtundu wa `x^2 + ax + b` modyulo 3 alipo 9. Ndinawalemba onse m'kope m'mizere itatu n'kumafafaniza uliwonse umene uli ndi muzu. Atatu okhala ndi b = 0 anachoka nthawi yomweyo, kenaka anachoka `x^2 + 2`, `x^2 + x + 1` ndi `x^2 + 2x + 1`, ndipo anatsala atatu: `x^2 + 1`, `x^2 + x + 2` ndi `x^2 + 2x + 2`.

M'malo mogawa motalika katatu, ndinagwiritsa ntchito mfundo yoti pofuna chotsala, wogawayo timamuyesa 0. Pa `x^2 + 1`, ndiye kuti `x^2 = -1`, choncho `x^4 = 1` ndi `x^5 = x`, ndipo f isanduka `x - x - 1`, imene ndi -1. Pa `x^2 + x + 2`, tili ndi `x^2 = 2x + 1`, ndipo tikaichulukitsa yokha tipeza `x^4 = 4x^2 + 4x + 1`, imene modyulo 3 ndi `x^2 + x + 1`, ndipo tikaikanso `2x + 1` pa `x^2` tipeza `3x + 2`, ndiko kuti 2. Choncho `x^5 = 2x`, ndipo chotsala ndi `x - 1`. Pa `x^2 + 2x + 2`, tili ndi `x^2 = x + 1`, ndipo `x^4` itulukanso 2, chotsala n'kukhala `x - 1` kachiwiri. Palibe chotsala chimene chili 0, ndiye kuti fakitala ya digiri 2 palibe. Kodi ndiyeneranso kuyesa a digiri 3 ndi 4?

aPhiri, Chipata

Simuyenera kutero. Madigiri a zidutswa ziwirizo akaphatikizidwa ayenera kukwana 5, choncho chaching'onocho chimakhala cha digiri 1 kapena 2, ndipo zonsezo mwazitseka. Fakitala ya digiri 3 ikadakhalapo, inzake ikadakhala ya digiri 2. Mawerengedwe anu ndawabwereza ndipo ndi olondola. Lembani momveka kuti mndandanda wa mapolinomiyo atatuwo ndi wathunthu, chifukwa umboni wonse watsamira pamenepo, ndipo ubwino wa modyulo ndi womwewo, kuti zoyesa zimakhala zowerengeka pamene pa manambala athunthu n'zosatha.

Amayi Tembo, Chadiza

Ndilowererepo ndi vuto langa, chifukwa likundikayikitsa lamulo limene mukudalirali. Mwana wina wa m'kalabu yathu ya masamu anabwera ndi `3x^3 + x^2 + 3x + 1`. Modyulo 3 imasanduka `x^2 + 1`, imene Amayi Zulu angoionetsa kumene kuti siphwanyika. Koma mwanayo anaiphwanya pa bolodi ine ndikuona: anatulutsa `x^2` m'zigawo ziwiri zoyamba, n'kupeza `(3x + 1)(x^2 + 1)`. Ngati lamulo likulephera pano, tidziwa bwanji kuti silinalepherenso pa funso la Amayi Zulu?

aPhiri, Chipata

Funso labwino kwambiri, Amayi Tembo, ndipo mwanayo mumuyamikire. Lamuloli lili ndi mbali imene sitinaitchule: pulaimu isagawe koefishenti yotsogolera. Pa chitsanzo chanu 3 agawa 3, digiri yatsika kuchoka pa 3 kufika pa 2, ndipo fakitala `3x + 1` yasanduka 1, kotero kuphwanyika kwabisala. Pulaimu ikakhala yosagawa koefishenti yotsogolera ya f, singagawenso ya g kapena ya h, popeza ziwirizo zikachulukitsidwa zimapereka ya f, choncho zidutswa zonse zimasunga madigiri awo. Pa funso la Amayi Zulu koefishentiyo ndi 1, ndiye vutoli silingabuke. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: digiri ikasintha potenga modyulo, siyani pulaimu imeneyo.

Pali chinanso chimene chiyenera kutchulidwa m'yankho. Funso likunena za Q, koma modyulo timatenga pa manambala athunthu, pakuti fulakishoni ngati 1/3 ilibe tanthauzo modyulo 3. Chimene chimatilola kuchoka pa Q kupita pa manambala athunthu ndi lema ya Gauss, imene ili m'buku lake la Disquisitiones Arithmeticae la m'chaka cha 1801: polinomiyo ya makoefishenti athunthu ikaphwanyika pa Q, imaphwanyikanso m'zidutswa za madigiri omwewo za makoefishenti athunthu.

aMbewe, Katete

Zonsezi ndazitsatira, koma ndikuganizabe kuti Eisenstein ikadafupikitsa ntchito. Amayi Zulu anaisiya msanga. Pamene lamulolo lakana, timaika `x + 1` m'malo mwa x n'kuyesanso. Mwachitsanzo `x^4 + 1` poyamba ilibe pulaimu yoyenera, koma mukasuntha mupeza `x^4 + 4x^3 + 6x^2 + 4x + 2`, ndipo 2 agawa 4, 6, 4 ndi 2, sagawa 1 wotsogolera, ndiponso 4 sagawa 2 wakumapeto. Mizere iwiri, funso latha. Ndikukhulupirira kuti munthu akapirira kuyesa `x + 1`, `x + 2`, `x - 1` ndi ena, adzapeza kusuntha kumene kungagwire pa `x^5 - x - 1`.

aPhiri, Chipata

Chitsanzo cha `x^4 + 1` mwachichita bwino, ndipo kusuntha n'kololedwa chifukwa kuphwanyika kulikonse kwa `f(x + a)` kumabwezeka kukhala kuphwanyika kwa `f(x)`. Koma pa `x^5 - x - 1` musataye nthawi, chifukwa tingatsimikizire kuti palibe nambala yathunthu a imene ingagwire. Mu `f(x + a)` koefishenti ya `x^4` ndi `5a`, ndipo ya x ndi `5a^4 - 1`. Pulaimu ikagawa `5a` imagawanso `5a^4`, ndipo kuti igawe `5a^4 - 1` iyenera kugawa 1, zimene sizitheka.

Chifukwa chake chenicheni chimaoneka tikaona mmene lamulo la Eisenstein limatsimikizidwira, pakuti nalonso ndi njira ya modyulo yomweyi, kungoti limaigwiritsa ntchito mosiyana. Pulaimu p ikagawa makoefishenti onse kupatula wotsogolera, modyulo p polinomiyo imasanduka `c*x^n`, imene imaphwanyika mpaka mapeto. Koma modyulo pulaimu kaphwanyikidwe kamakhala kamodzi kokha, choncho g ndi h ziyenera kusanduka `x^k` ndi `x^(n-k)` zochulukitsidwa ndi manambala. Ndiye kuti nambala yakumapeto ya g ndi ya h zonse zimagawika ndi p, ndipo zikachulukitsidwa zimagawika ndi `p^2`. Tikadziwa kuti `p^2` sagawa nambala yakumapeto ya f, kuphwanyikako sikutheka. Apa mukuona kuti mbali ya `p^2` si yongokongoletsera: `x^2 + 4x + 4` imakwaniritsa zina zonse pa p = 2, koma ndi `(x + 2)^2`. Mukuonanso kuti lamuloli limangogwira pamene polinomiyo yonse, modyulo p, ili fakitala imodzi ya digiri 1 yobwerezedwa, ndipo mapolinomiyo ambiri sali otero. Ndionjezepo kuti Theodor Schönemann anasindikiza lamulo lotere m'chaka cha 1846, Gotthold Eisenstein asanasindikize lake m'chaka cha 1850, ngakhale dzina lofala ndi la Eisenstein.

aSakala, Petauke

Ngati Eisenstein imagwira pa mapolinomiyo ochepa chotero, bwanji osangophunzira njira ya modyulo yokha? Ikakana 2 tiyesa 3, ikakana 3 tiyesa 5, mpaka titapeza. Ndipo ndifunse: munthu ayese mapulaimu angati asananene kuti polinomiyoyo imaphwanyika?

Amayi Tembo, Chadiza

Ine ndinayesa zimenezo pa `x^4 + 1` imene aMbewe atchula, ndipo sizinayende. Modyulo 2 ndi `(x + 1)^4`, modyulo 3 ndi `(x^2 + x + 2)(x^2 + 2x + 2)`, modyulo 5 ndi `(x^2 + 2)(x^2 + 3)`. Koma aMbewe atsimikizira kuti pa Q siphwanyika.

aPhiri, Chipata

Mukadapitiriza, Amayi, simukadapeza pulaimu yothandiza, chifukwa `x^4 + 1` imaphwanyika modyulo pulaimu iliyonse. Ingalembedwe m'njira zitatu:

```
(x^2)^2 - (-1)
(x^2 + 1)^2 - 2x^2
(x^2 - 1)^2 - (-2)x^2
```

Ngati -1, 2 kapena -2 ili sikweya modyulo p, mzere woyenerawo ndi kusiyana kwa masikweya awiri, kumene kumaphwanyika. Tsono modyulo pulaimu yoposa 2, manambala awiri osakhala masikweya akachulukitsidwa amapereka sikweya, choncho -1 ndi 2 akalephera onse, -2 amakhala sikweya. Yankho la funso lanu, aSakala, ndi loti palibe chiwerengero cha mapulaimu chimene chingakuloleni kunena kuti polinomiyo imaphwanyika pa Q. Wofuna kunena zimenezo ayenera kuonetsa mafakitala ake enieni.

Ndiponso alipo mapolinomiyo amene njira ziwirizi zimalephera pamodzi. Tengani `x^4 - 10x^2 + 1`, imene muzu wake umodzi ndi sikweya ruti ya 2 kuphatikiza sikweya ruti ya 3. Imaphwanyika modyulo pulaimu iliyonse pa chifukwa chofanana ndi chapamwambachi, ndipo kusuntha ndi nambala yathunthu sikuibweretsa pa lamulo la Eisenstein. Pamenepo timabwerera ku lema ya Gauss n'kufananiza makoefishenti. Ilibe muzu mu Q chifukwa pa 1 ndi pa -1 imapereka -8. Ikadakhala `(x^2 + ax + b)(x^2 - ax + d)`, tikadakhala ndi `bd = 1`, ndiye kuti b ndi d onse ndi 1 kapena onse ndi -1, ndipo `b + d - a^2 = -10` ikadafuna kuti `a^2` ikhale 12 kapena 8, amene si masikweya a manambala athunthu.

aNyirenda, Lundazi

Ndili ndi funso lina lochokera pa funso loyamba lija. Kodi `x^6 - x - 1`, `x^7 - x - 1` ndi ena otsatira nawonso saphwanyika? Ngati ndi choncho, kodi pali pulaimu imodzi imene ingawagwire onse, kapena aliyense amafuna yake?

aPhiri, Chipata

Onse saphwanyika pa Q. Ernst Selmer wa ku Norway anatsimikizira m'chaka cha 1956 kuti `x^n - x - 1` siphwanyika pa n iliyonse kuyambira 2, koma umboni wake sudalira kufufuza pulaimu pa n iliyonse, umayang'ana kumene mizu yake ili. Pa n = 5 palinso njira ina yodutsa modyulo 5, chifukwa `x^p - x - 1` siphwanyika modyulo p pa pulaimu p iliyonse, koma umboni wake umafuna mfundo zimene mwina Amayi Zulu sanafikepo. Ine ndingawalangize kuti akhale pa modyulo 3, imene angathe kuiteteza mzere ndi mzere.

aMbewe, Katete

Pamenepo sindikugwirizana nanu, abambo. Ngati mfundo ya `x^p - x - 1` ndi yodziwika, kuitchula n'kuika p = 5 kumakwanira, monga mmene tikutchulira lema ya Gauss osaitsimikizira. Sindikuona chifukwa cholola imodzi n'kukana inayo.

aPhiri, Chipata

Kusiyana kwake ndi kwakuti lema ya Gauss ili m'mutu womwewo umene funsoli lachokera, ndipo wochonga amayembekezera kuti itchulidwa. Mfundo inayo, pa p = 5, ndi pafupifupi funso lomwelo limene afunsidwa, kotero kuitchula popanda umboni kungaoneke ngati kulidumpha. Komabe ndikuvomera kuti zimadalira zimene zili m'manotsi a maphunzirowo.

Amayi Zulu, Chipata

Ndayang'ana m'manotsi athu: lema ya Gauss ilimo pamodzi ndi umboni wake, koma mfundo ya `x^p - x - 1` mulibe. Choncho ndilemba motere: ndiyamba ndi lema ya Gauss, kenaka ndinena kuti 3 sagawa koefishenti yotsogolera, ndionetsa kuti modyulo 3 mulibe muzu, ndilemba mapolinomiyo 9 aja ndi atatu otsalawo, ndipo nditsiriza ndi zotsala -1, `x - 1` ndi `x - 1`. aMbewe, ngati muli ndi umboni wa modyulo 5 umene munthu wa msinkhu wanga angautsatire, chonde ulembeni pano, ndikufuna kuuona ngakhale sindiuika m'yankho.